Kupeza chipangizo chimene chikutumiza deta kumalo osadziwika

Wireshark ndi pulogalamu yaulere imene imajambula mapaketi a uthenga odutsa pa netiweki. Paketi iliyonse imanyamula adiresi ya kumene yachokera ndi ya kumene ikupita, ndipo maadiresi awiriwa ndi amene amaulula chipangizo chotumiza deta mobisa.

Zambiri zimadalira malo ojambulira. Swichi imapereka paketi kwa mwini wake yekha, choncho kompyuta yongolumikizidwa pa swichi imaona zake zokha ndi zolengezedwa kwa onse. Pamafunika kuitchera swichiyo kuti izikopera zonse zopita ku rauta n'kumazitumiza ku poti ya kompyuta yojambulira. Kujambulira kunja kwa rauta sikuthandiza, chifukwa kumeneko zipangizo zonse za mu ofesi zimaoneka ndi adiresi imodzi.

Zojambulidwazo zikatsegulidwa, poyambira pabwino ndi pa Statistics, kenako Conversations, pa gawo la IPv4. Pamenepa pamaoneka maadiresi awiriawiri amene akhala akulankhulana, ndiponso kuchuluka kwa deta imene mbali iliyonse yatumiza. Munthu woonera kanema pa intaneti amalandira zambiri n'kutumiza zochepa, ndiye chokayikitsa ndi mzere umene zinthu zatembenuka. Mwachitsanzo, adiresi ya mkati 192.168.1.23 ingapezeke itatumiza 300 MB ku 203.0.113.50 usiku ofesi ili yotseka, iyo italandira 4 MB yokha. Kuti patsale mapaketi amenewa okha, m'bokosi losefera mumalembedwa izi:

```
ip.src == 192.168.1.23 && ip.dst == 203.0.113.50
```

Adiresi ya IP imatha kusintha, choncho siikwanira kuloza chipangizo. M'gawo la Ethernet II la paketi muli adiresi ya MAC, imene theka lake loyamba limasonyeza kampani yopanga, ndipo Wireshark imalemba dzina la kampaniyo pomwepo. Likakhala la opanga makamera, osaka amadziwa koyang'ana. Mafoni ambiri a masiku ano amadzipekera adiresi ya MAC, ndipo zikatero chothandiza ndi dzina limene chipangizo chimatchula popempha adiresi kudzera mu DHCP.

Chatsala ndi kudziwa mwini wa adiresi yakunja ija. Nthawi zambiri chipangizo chimayamba chafunsa DNS adiresi ya dzina linalake, ndipo yankho lake limapezeka motere:

```
dns.a == 203.0.113.50
```

Dzinalo likakhala la seva ya kampani yopanga kamerayo, n'kutheka kuti ikungosunga zithunzi kumeneko monga inatcheredwa. Adiresi imene sinafunsidwe mu DNS, komanso yolumikizidwa pa nthawi zofanana ndendende, ndiyo yodetsa nkhawa kwambiri. Ngati uthengawo ndi wobisidwa ndi TLS, zamkati mwake siziwerengeka. Zooneka ndi kukula kwake, nthawi yake, ndipo kawirikawiri dzina la seva mu paketi ya Client Hello.