Khodi ya F: Pomwe Ophunzira Gitala Ambiri Amagwera Ulesi

Wophunzira gitala akadziwa C, G, D ndi E maina, amaona ngati njira yatseguka. Nyimbo ziwiri zitatu akuziimba, nsonga za zala zayamba kukhakhala, ndipo anzake akumuyamikira. Kenako imabwera nyimbo ya mu kiyi ya C, yomwe imafuna C, F ndi G. Akayesa F uja, gitala imangoti phwaphwa, nsambo zina zili duu, zina zikulira ngati zosweka, dzanja lili kuwawa. Ambiri gitala amaipachika pakhoma pomwepa.

F ndi khodi ya baa, kutanthauza kuti chala cha mkombaphala chimagona mopingasa pa nsambo zonse 6 nthawi imodzi, pomwe zala zina zitatu zikugwira malo awoawo. Mkombaphala amagona pa fureti yoyamba, chala chapakati chimadina nsambo ya G pa fureti yachiwiri, chala cha mphete nsambo ya A pa fureti yachitatu, ndipo kachala kakang'ono nsambo ya D pa fureti yachitatu yomweyo. Chomvetsa chisoni n'chakuti khodi ya baa yomwe wophunzira amayamba kukumana nayo ndi yomwenso ili pamalo ovuta kuposa ena onse pakhosi la gitala.

Chifukwa chake chili pa nati, kafupa kamipata kaja komwe nsambo zimadutsapo kumutu kwa gitala. Nsambo imagonja mosavuta ikadinidwa kutali ndi pomwe yatsamira, koma pa fureti yoyamba chala chimakhala chikuipinda pafupi penipeni ndi nati, pomwe ili youma gwa. Komanso mafureti ndi otalikirana kwambiri cha kumutuku. Pa gitala yomwe nsambo zake n'zotalika pafupifupi masentimita 65, mpata woyamba ndi wa masentimita 3.6, pomwe wachisanu ndi wa 2.9 basi. Choncho zala zikuyenera kutambasuka kwambiri pamalo pomwe zikufunikanso kudina mwamphamvu.

Nsambo nazonso si zamasewera. Zachitsulo zomwe zimabwera ndi magitala ambiri a bokosi, zija paketi yake imalembedwa .012, zikakungidwa zonse zimakoka ndi mphamvu yoposa makilogalamu 70. Za nayiloni zimakoka pafupifupi makilogalamu 40 okha. N'chifukwa chake ophunzira awiri angayambe tsiku limodzi, wina F n'kumulirira msanga, wina n'kumadziona ngati wopanda mphatso, chonsecho kusiyana kuli pa zida zawo.

Apa mpofunika kunena mosabisa: wophunzira asadziweruze asanaiyeze gitala yake. Magitala otsika mtengo nthawi zambiri amabwera nati ili yokwera. Kuyeza kwake n'kosavuta. Adine nsambo pa fureti yachitatu n'kusuzumira mpata womwe watsala pakati pa nsamboyo ndi kachitsulo ka fureti yoyamba. Ukuyenera kukhala wochepa kwambiri, wongokwanira kapepala. Ngati ali ndi kapo, aimange pa fureti yoyamba n'kugwira baa yomweyo pa fureti yachiwiri. Ikalira bwino mosavutikira, ndiye kuti vuto lili pa nati, ndipo wokonza magitala angazamitse timipata take pang'ono. Kuika nsambo zopyapyala za .010, kapena kutsitsa nsambo zonse ndi theka la toni, kumapeputsanso ntchito.

Gitala ikakhala kuti ili bwino, nkhani imatsalira padzanja. Mkombaphala si wosalala. Kumimba kwake kuli mnofu wofewa ndi mizere ya m'mfundo, ndipo nsambo ikagwera mumzeremo siidinika ngakhale munthu afinye chotani. Kawirikawiri yomwe imafa ndi nsambo ya B. Mankhwala ake si kuwonjezera mphamvu ayi, koma kupendeketsa chala pang'ono kuti chidine ndi m'mbali mwake, mbali ya kuchala chachikulu komwe kuli fupa, ndiponso kuchikweza kapena kuchitsitsa pang'ono mpaka mzere uchoke pansambo. Chalacho chigone pafupi penipeni ndi kachitsulo ka fureti, osati pakati pa mpata.

Pali chinanso chomwe ambiri sauzidwa. Pa F, nsambo za A, D ndi G zagwiridwa kale ndi zala zina, ndiye mkombaphala ntchito yake yeniyeni ndi nsambo zitatu zokha: E yaikulu pamwamba, ndi B ndi E yaing'ono pansi. Yemwe akulimbana kuti adine zonse 6 mofanana akungotaya mphamvu pachabe.

Nanga mphamvu ichokere kuti? Wophunzira amapana khosi la gitala pakati pa chala chachikulu ndi mkombaphala ngati pulayala, ndipo pakangopita kamphindi mnofu wa patsinde pa chala chachikulu umayamba kutentha. Mnofu umenewu ndi waung'ono, sungapirire. Odziwa amalola kulemera kwa mkono kukokera zala pang'ono cha kumbuyo, mkono winawo utatsamira bokosi la gitala pachifuwa kuti isatembenuke. Chala chachikulu chimangokhala kuseri kwa khosi, chapakati, moyang'anizana ndi chala chapakati.

Zoyeserera zabwino zimayambira pa fureti yachisanu, osati yoyamba. Wophunzira agoneke mkombaphala pa nsambo ziwiri zokha zapansi, B ndi E, azilize imodziimodzi, kenako amasule dzanja. Abwereze kakhumi, kudina masekondi 5 n'kupumula masekondi 5. Ziwirizo zikamalira moyera masiku angapo otsatizana, awonjezere nsambo ya G. Apa wapeza kale phindu, chifukwa nsambo zitatu zimenezi pa fureti yachisanu zikupanga A maina, khodi yoti angaigwiritse ntchito m'nyimbo. Kenako zinayi, zisanu, mpaka zonse.

Nthawi iliyonse ayesenso izi: nsambo zikulira, achepetse kudina pang'onopang'ono mpaka ziyambe kulira mosokosera, kenako awonjezere pang'ono chabe. Pamenepo ndiye pamlingo woyenera, ndipo ambiri amadabwa kuona kuti ankadina mopyola muyeso.

Zala zitatu zinazo zili ndi phunziro lawolawo. Agwire E wamba uja koma mkombaphala asagwire nawo, m'malo mwake agwiritse ntchito chapakati, cha mphete ndi kakang'ono. Zikazolowera, azitsetsereze osasintha kaimidwe kake mpaka chapakati chifike pa fureti ya nambala 6, n'kugoneka mkombaphala pa fureti yachisanu. Imeneyo ndi A. Ikamalira bwino, atsike fureti imodzi, akhalepo masiku angapo, atsikenso. Pa fureti yachitatu apeza G, ndipo akamadzafika pa yoyamba, F adzaipeza dzanja litadziwa kale kaimidwe kake. Pa sitepe iliyonse alize nsambo imodziimodzi kuti amve yomwe yafa, chifukwa kukwapula zonse pamodzi kumabisa zolakwika.

Pakadali pano nyimbo zisaime. Pali F yaing'ono ya nsambo zinayi: mkombaphala pa B ndi E pa fureti yoyamba, chapakati pa G fureti yachiwiri, cha mphete pa D fureti yachitatu. Imamveka bwino, ndipo oimba odziwa amaigwiritsanso ntchito.

Mphindi 5 kapena 10 tsiku lililonse zimathandiza kuposa ola lathunthu Loweruka lokha, chifukwa minofu ndi mitsempha zimalimba pang'onopang'ono ndipo zimafuna kupuma. Kutopa kwa mnofu komwe kumatha munthu akapumula sikodetsa nkhawa. Koma ululu wobaya pamfundo ya dzanja, dzanzi kapena kunyerenyesa m'zala ndi chizindikiro choti aleke kaye, aone ngati sakupinda dzanja mopitirira, ndipo zikapitirira kwa masiku angapo akaonane ndi achipatala. F ikayamba kulira, chotsatira ndi kusintha kuchoka pa C kupita pa F mwapang'onopang'ono, kuwerenga kanayi pa khodi iliyonse. Chala cha mphete chimakhala pa nsambo ya A, fureti yachitatu, m'makhodi onse awiri, ndiye chisanyamuke, zinazo ndi zomwe ziziyenda.