Akati Filimu Ikutopetsa, Mufufuze Pati?

Filimu ikajambulidwa, wolumikiza zithunzi amayamba ndi kuika zigawo zonse mu ndondomeko yake, nyimbo zisanakhazikike, mawu asanasalazidwe. Pofika apa iye ndi wotsogolera amakhala atayionera kambirimbiri, moti sathanso kudziwa ngati nthabwala ikuseketsa kapena ngati nkhani ikumveka kwa munthu wosaidziwa. N'chifukwa chake amaitana anthu ochepa kuti adzaonere filimu yosamalizayo.

Oitanidwawo asakhale amene anasewera m'filimumo, poti aliyense amangodikira nkhope yake. Achibale nawonso amayamika chilichonse, makamaka kwathu kuno komwe kudzudzula munthu pamaso kumaoneka ngati mwano. Ofunika ndi anthu osadziwa nkhaniyo, ofanana ndi amene filimuyo ikupangidwira, ndipo khumi kapena khumi ndi asanu akwana. Auzeni kuti mawu ndi nyimbo sizinamalizidwe, basi. Mukayamba kufotokoza zimene filimuyo ikutanthauza, mwawononga mayeso onse.

Filimu ikamaonetsedwa, khalani kumbuyo ndi wotchi ndi pepala, maso anu pa anthu. Lembani mphindi imene wina watulutsa foni, pamene ayamba kutembenukatembenuka pa mpando, pamene aseka posayenera kuseka. Thupi silidziwa ulemu. Ikatha, aliyense alembe mayankho ake payekha musanayambe kukambirana, chifukwa akangolankhula wamkulu kapena wapakamwa, ena onse amangovomereza. Funso loti "Mwaikonda?" silipindula kanthu. Afunseni kuti afotokoze nkhaniyo m'mawu awoawo, anene chimene mwini nkhani amafuna, ndi pamene anasokonezeka kapena kutopa.

Ntchito yovuta imayamba mapepala aja ali pa tebulo. Walter Murch, amene anagwira ntchito pa mafilimu a Apocalypse Now ndi The English Patient, anafanizira madandaulo a oonera ndi ululu womveka pa chigongono pamene vuto lili pa mtsempha wa m'phewa. Woonera amanena zoona kuti pakupweteka, koma si iye dokotala.

Tiyerekeze filimu ya mphindi 20 ya mtsikana amene akuthawa kwa amalume ake kupita ku tauni. Mwa oonera 12, asanu ndi atatu alemba kuti chigawo cha pa depoti ya basi, pa mphindi 14, n'chachitali, ndipo angapo akuti chidulidwe. Musanagwire lumo, onani yankho la funso lina lija: ndi anayi okha amene anamva chifukwa chimene mtsikanayo akuthawira. Chifukwacho chinatchulidwa kamodzi kokha, pa mphindi 3, m'chiganizo chimene chinamira m'phokoso la chigayo. Amene sanamve kuti amalume akufuna kumukwatitsa mokakamiza akungoona mtsikana atakhala pa benchi. Amene anamva akuopa kuti amalumewo atulukira basi isananyamuke. Chofunika kukonza ndi mphindi 3. Mukadula pa depoti, mwataya chigawo chabwino kwambiri ndipo vuto likadalipo.

Choncho dandaulo lililonse ligaweni pawiri, vuto limene munthu waona ndi mankhwala amene akupereka. Vutolo lisungeni, mankhwalawo akayikireni. Chimene anthu ambiri atchula aliyense payekha n'chofunika kuchifufuza, pomwe cha munthu mmodzi, monga kudana ndi diresi la mtsikana, chingadikire. Pokhapokha ngati mmodziyo wagwira cholakwika chenicheni, monga namwino wokuuzani kuti jakisoni sabayidwa motero. Mukakonza, onetsani kwa gulu lina latsopano, chifukwa oyamba aja akuidziwa kale nkhani.

Pali madandaulo ena amene si a kusamva, koma a kusafuna. Filimu ya Fatal Attraction ya mu 1987, yotsogoleredwa ndi Adrian Lyne, poyamba inkatha ndi Alex, mkazi amene anasewera Glenn Close, akudzipha m'njira yoti mlandu ugwere chibwenzi chake, mwamuna wapabanja. Oonera oyesa sanakhutire, ankafuna kuti alangidwe ndi banja limene analizunza. Mathero anajambulidwanso, ndipo tsopano mkazi wa mwamunayo ndiye amamuwombera Alex m'bafa. Filimuyo inapanga ndalama zambiri, koma Close anakana kaye kusinthako, ndipo wakhala akunena poyera kuti kunasandutsa mayi wodwala maganizo kukhala chilombo.

Oonera aja nkhani anaimva bwinobwino, anangofuna ina. Apa kuwerenga mapepala sikungakuthandizeni, chisankho n'cha mwini filimu. Ine ndimati anthu akasokonezeka, konzani msanga, chifukwa cholakwa n'chanu. Koma akakwiya pa malo amene munafuna kuti akwiye, musakhudzepo.