Kalata yoyankha wantchito amene akuti malipiro ake aperewera

Kumapeto kwa mwezi, foni zikayamba kulira kuti ndalama zalowa ku banki, khomo la ofesi ya malipiro silichedwa kugogodedwa. Wantchito amalowa atagwira peyisilipi m'manja, funso lake lili limodzi: ndalama zanga zapita kuti? Nthawi zambiri amangoyankhidwa pakamwa kuti ndi msonkho, kapena kuti kompyuta ndiyo yawerengera. Amatuluka osakhutira, ndipo pofika madzulo anzake onse amakhala atamva kuti kampani ikuba.

Yankho lolembedwa limathetsa zambiri mwa izi. Lamulo la ntchito la m'Malawi la chaka cha 2000 limalamula kuti wantchito aliyense polandira malipiro azipatsidwanso pepala losonyeza ndalama zonse zimene wagwirira, ndalama iliyonse imene yadulidwa ndi chifukwa chake, komanso zotsala zopita m'thumba. Koma peyisilipi imangoonetsa manambala ndi mawu achidule a Chingerezi. Munthu akaitsutsa, pamafunika kalata imene ingamutengere pang'onopang'ono kuchoka pa ndalama imene ankayembekezera kufika pa imene walandira.

Tiyerekeze ndi dalaivala wa kampani yogulitsa katundu wa pikulitsa ku Limbe, amene malipiro ake a pamwezi ndi K260,000. Mu Julayi 2024 analandira K204,500. Mu Ogasiti anagwira ovataimu ya maola 16, ndipo ankadziwa kuti envelopu ikhala yonenepa. M'malo mwake mu akaunti munalowa K172,000 yokha. Dandaulo limene anapereka linali lalifupi: anagwira ntchito yambiri, koma walandira ndalama yochepa ndi K32,500.

Wolemba kalata wanzeru sayamba ndi cholembera. Amayamba watulutsa mapepala: peyisilipi ya mwezi wa dandaulo ndi ya mwezi wapitawo, buku losainira polowa ndi potuluka, fomu ya ovataimu imene kapitawo anasaina, ndi chikalata chilichonse chimene wantchitoyo anavomerezapo kuti azidulidwa ndalama. Kenaka amawerengeranso zonse pamanja ngati kuti kompyuta kulibe. Kompyuta imawerengera zimene munthu waiuza, choncho ngati kalaliki analowetsa tsiku lolakwika, cholakwikacho chimatuluka chosindikizidwa bwinobwino pa peyisilipi.

Pa nkhani ya dalaivalayu, mapepala anaonetsa zinthu zinayi zimene zinasintha pakati pa miyezi iwiriyo. Choyamba chinali ovataimu. Kampaniyo imagawa malipiro a pamwezi ndi masiku 26, kotero tsiku limodzi ndi K10,000, ndipo ola limodzi pa tsiku la maola 8 ndi K1,250. Lamulo limati ovataimu ya tsiku wamba la ntchito ilipidwe pa mlingo wa ola limodzi ndi theka, pamene ya tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma imalipidwa kawiri. Maola ake onse anali a masiku wamba, choncho ola lililonse linali K1,875, ndipo maola 16 anakwana K30,000. Chachiwiri, anamuchotsera K20,000 ya masiku awiri amene buku linaonetsa kuti sanabwere ku ntchito. Chachitatu, msonkho unakwera ndi K2,500. Chachinayi, anamudula K40,000 ya adivansi imene anatenga pakati pa mwezi. Kuphatikiza K30,000 yowonjezerayo ndi kuchotsa zitatu zinazo, kusiyana kumakwana K32,500 ndendende.

Apa ndiye pagona luso la kalatayi. Wantchito sanafunse za mzere uliwonse wa pa peyisilipi. Wafunsa chifukwa chimene mwezi uno wasiyanirana ndi mwezi watha. Kalata yabwino imayankha funso limeneli m'ndime yoyamba, isanalowe m'masamu. Ikhoza kuyamba motere: "Wokondedwa Bambo, talandira dandaulo lanu la pa 2 Sepitembala lokhudza malipiro a Ogasiti. Tawerengeranso zonse, ndipo tapeza kuti msonkho, penshoni, SACCO ndi adivansi zinadulidwa molondola, koma tinakuchotserani molakwika ndalama ya tsiku limodzi. M'munsimu tikufotokoza chilichonse pachokha." Munthu akadziwa mathero a nkhani yake, amawerenga zotsalazo mtima uli m'malo.

Msonkho wa PAYE ndiwo umasokoneza anthu ambiri, choncho umafuna malo okwanira m'kalata. Kuyambira mu Epulo 2024, K150,000 yoyamba ya malipiro a pamwezi sinkadulidwa msonkho, ndipo ndalama yoposa pamenepo mpaka K500,000 inkadulidwa 25 peresenti. Ambiri akamva za 25 peresenti amaganiza kuti imatengedwa pa malipiro onse. Kalata iyenera kuonetsa masamuwo poyera: "Mu Ogasiti malipiro anu pamodzi ndi ovataimu, titachotsa masiku awiri aja, anali K270,000. Pa K150,000 yoyamba palibe msonkho. Pa K120,000 yotsalayo, msonkho ndi K25 pa K100 iliyonse, zimene zakwana K30,000. Mu Julayi ndalama yoyenera msonkho inali K110,000, ndipo munadulidwa K27,500." Ndi bwinonso kunena momveka kuti ovataimu nayo imadulidwa msonkho, ndi kuti ndalamayi sikhala ku kampani koma imaperekedwa ku bungwe lotolera misonkho la MRA pofika pa 14 mwezi wotsatira. Milingo ya msonkho imasintha ndi bajeti ya boma, choncho wolemba kalata agwiritse ntchito mlingo umene unalipo m'mwezi wa dandaulowo, osati umene akuukumbukira.

Penshoni ili ndi msampha wake. Lamulo la penshoni limati wantchito azipereka ndalama yosachepera 5 peresenti, ndipo wolemba ntchito aziwonjezera yosachepera 10 peresenti. Kwa dalaivalayu, 5 peresenti ya K260,000 ndi K13,000. Koma mapeyisilipi ena amaonetsanso gawo la kampani, pano K26,000, pafupi ndi mzere wa zodulidwa, ndipo munthu amaganiza kuti wadulidwa kawiri. Chiganizo chimodzi chimakwana: "K26,000 imene mukuiona m'munsi siichoka pa malipiro anu, ndi ndalama imene kampani ikukuikirani ku thumba lanu la penshoni." Kalata imuuzenso dzina la kampani yosunga penshoniyo ndi kuti ali ndi ufulu wopempha sitetimenti, kuti aone yekha ngati ndalamazo zikufikadi.

Msonkho ndi penshoni zimadulidwa chifukwa lamulo latero, wantchito afune asafune. Adivansi ndi SACCO n'zosiyana, chifukwa zimachokera pa chilolezo cha mwini wake. Pa zimenezi kalata siyenera kungonena kuti munatenga ngongole. Itchule tsiku, kuchuluka kwa ndalama, ndi zimene anagwirizana: "Pa 15 Ogasiti munasaina fomu yotenga K40,000, yobweza yonse kumapeto kwa mwezi womwewo. Kope la fomuyo taliphatikiza pa kalatayi, ndipo palibe ngongole yotsala." Chimodzimodzi ndi K15,000 imene amapereka ku SACCO mwezi uliwonse. Ngati ofesi yafufuza n'kupeza kuti palibe pepala losainidwa, ndiye kuti vuto lili ku ofesi, ndipo kalata isayese kulibisa ndi mawu ambiri.

Pali ndalama zina zimene siziyenera kuoneka n'komwe pakati pa zodulidwa. Msonkho wa maphunziro a ntchito zamanja umene umapita ku TEVETA, womwe ndi 1 peresenti ya malipiro onse a pakampani, amalipira ndi wolemba ntchito. Lamulo la ntchito sililolanso bwana kulipiritsa wantchito chindapusa ngati chilango, ngakhale limamulola kusalipira masiku amene munthu wajomba popanda chilolezo ndi chifukwa chomveka. Wowerengeranso peyisilipi akapeza mzere wolembedwa `Other deductions` popanda kufotokoza, ayenera kuufukula mpaka adziwe chimene chili mkati mwake, chifukwa lamulo limafuna kuti ndalama iliyonse yodulidwa ikhale ndi chifukwa chotchulidwa.

Masiku awiri ojomba aja ndiwo anabisa cholakwika. Tsiku limodzi dalaivalayo sanabweredi ndipo sanatsanzike. Tsiku linalo anali ku chipatala, ndipo kalata ya dokotala anaipereka kwa kapitawo, amene anaiwala kuitumiza ku ofesi ya malipiro. Wantchito amene wagwira miyezi 12 mosalekeza ali ndi ufulu wa tchuthi cha matenda cholipidwa akaonetsa kalata ya chipatala, choncho K10,000 ya tsikulo iyenera kubwezedwa.

Pobweza pamakhalanso pogwera. Kalata ikangoti tikubwezerani K10,000, mwezi wamawa munthuyo adzabweranso ndi dandaulo latsopano, popeza ndalamayo nayo idzadulidwa msonkho. Iyenera kunena zonse: "Tikupepesa chifukwa cha cholakwikachi. K10,000 ya pa 21 Ogasiti tidzaiika pa malipiro a Sepitembala ngati mzere wapadera. Msonkho wake ndi K2,500, choncho m'manja mwanu mudzafika K7,500." Tsiku lobwezera litchulidwe, ndipo kupepesa kukhale kwa chiganizo chimodzi chosazungulira, chopanda kuloza chala kapitawo kapena kompyuta.

Kalembedwe nako kali ndi mbali yake. Ngati wantchito amamva bwino Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao, kalata ilembedwe m'chinenero chimenecho, koma mawu a pa peyisilipi monga `Gross Pay` ndi `Net Pay` alembedwe monga alili kuti athe kuwapeza ndi chala, kenaka afotokozedwe: loyambalo ndi ndalama zonse zisanadulidwe, lachiwirilo ndi zotsala zopita ku banki. Manambala asanjidwe m'ndondomeko yomweyo imene ali pa peyisilipi. Mawu oti "monga mukudziwa" kapena "munayenera kudziwa" amamveka ngati chidzudzulo ndipo ndi bwino kuwasiya. Nkhani ya khalidwe la munthu pa ntchito isalowe m'kalatayi, chifukwa wofunsa za malipiro ake sanalakwe kanthu. Popeza muli za ngongole zake, kalatayo iperekedwe m'envelopu yomata kwa mwini wake, osati kudzera kwa mnzake.

Ndime yomaliza imuuze wantchito kumene angapite ngati sanakhutire. Itchule udindo wa munthu amene angakhale naye pansi n'kuwerengera limodzi, tsiku limene angakumane, ndi kuti akhoza kubwera ndi mnzake kapena nthumwi ya bungwe la antchito. Imuuzenso mosabisa kuti ali ndi ufulu wokadandaula ku ofesi ya leba ya m'boma lake, ndipo zikakanika kumeneko nkhani ikhoza kupita ku khoti loweruza milandu ya ntchito. Mabwana ena amaopa kulemba zimenezi poganiza kuti akumuonetsa munthu njira yokawasumira, koma ofesala wa leba akalandira dandaulo amayamba ndi kuitanitsa mapepala omwewa. Kalatayo isainidwe makope awiri, limodzi la wantchito ndi lina la m'fayilo yake, pamodzi ndi peyisilipi ziwiri zija, fomu ya adivansi ndi kalata ya dokotala.