"Ndingobweza zanga": kuthamangitsa ndalama zoluza pa malonda a foreksi

M'maesiteti a tiyi a ku Thyolo, monga Satemwa, Conforzi, Makandi ndi Naming'omba, ndalama imabwera movutikira. Wothyola tiyi amalipidwa potengera makilogalamu omwe sikelo yawerenga, ndipo mvula ikatha, masamba nkuchepa, ntchito nayonso imachepa. Nzosadabwitsa kuti foni yamakono ikalowa m'manja mwa kalaliki, makaniko wa kufakitale kapena mwana wa kapitawo, nkhani ya malonda ogula ndi kugulitsa ndalama zakunja pa intaneti, omwe ambiri amangoti foreksi, imakoma m'khutu. Imakoma kwambiri chifukwa akaunti yake imakhala ya madola, pomwe aliyense akukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi.

Pa malondawa kuluza nkosapeweka, ngakhale kwa akatswiri. Chomwe chimapsereza maakaunti ambiri ndi zomwe munthu amachita mphindi zochepa atangoluza: kulowanso pamsika mtima uli m'mwamba, ndi ndalama zochuluka kuposa poyamba, akudziuza kuti akungofuna kubweza zake basi.

Chomwe chimasintha m'mutu

Mu 1979, akatswiri a kaganizidwe ka munthu, Daniel Kahneman ndi Amos Tversky, anaonetsa kuti ubongo suyeza phindu ndi kuluza pa sikelo imodzi. Kafukufuku wawo wotsatira anapeza kuti kuwawa kotaya ndalama kumaposa pafupifupi kawiri kukoma kopeza ndalama yomweyo. Anapezanso china chofunika kwambiri pankhani yathuyi. Munthu akakhala pa phindu amasamala, koma akakhala kuti waluza amalolera kuchita zoopsa, bola pakhale kamwayi koti abwerere pomwe anali. Mu 1990 Richard Thaler ndi Eric Johnson anatsimikizira kuti anthu omwe aluza kale amakopeka kwambiri ndi mwayi uliwonse wowalonjeza kufafaniza zomwe ataya.

Tanthauzo lake ndi lakuti funso la m'mutu limasintha mwini wake osazindikira. Asanaluze, munthu amafunsa ngati malonda omwe akufuna kulowa ali abwino. Akaluza, amafunsa kuti alowe ndi zingati kuti abweze madola khumi omwe wataya. Msika sudziwa kuti munthuyo anataya madola khumi, ndipo mtengo wa yuro sukwera chifukwa wina ku Luchenza akufuna kubweza zake.

Thupi nalonso limatengapo mbali. Nkhawa ikakwera, timadzi ta m'thupi totchedwa adirenalini ndi kotizolo timachuluka, mtima umagunda mofulumira, ndipo maganizo amapanikizika pa chinthu chimodzi. Nthawi imeneyi mbali ya ubongo yomwe imaletsa munthu kuchita zinthu mopupuluma sigwira bwino ntchito. Kutopa ndi kusowa tulo kumawonjezera vutoli, ndipo apa mpomwe wantchito wa paesiteti ali pangozi. Msika wa ku New York umatsegulidwa cha m'ma 2 kapena 3 koloko masana nthawi ya kuno, choncho mitengo imavina kwambiri nthawi yomwe munthu akuweruka, atatopa ndipo mwina ali ndi njala.

Tisaganize kuti ili ndi vuto la ophunzira kumene. Joshua Coval ndi Tyler Shumway anafufuza akatswiri a pamsika wa Chicago Board of Trade, ndipo mu 2005 anasindikiza zomwe anapeza: amene analuza m'mawa ankachita malonda oopsa kwambiri masana kuposa anzawo omwe anapindula m'mawa. Chitsanzo chotchuka ndi cha Nick Leeson, yemwe ankagwirira ntchito banki ya Barings ku Singapore. Iye ankabisa zoluza mu akaunti ya nambala 88888 nkumawonjezera ndalama kuti abweze. Chivomerezi cha ku Kobe chitagwetsa msika wa ku Japan mu Januwale 1995, anawonjezeranso. Pofika Febuluwale anali atataya mapaundi 827 miliyoni, ndipo banki yomwe inakhazikitsidwa mu 1762 inagwa.

Masamu a madzulo amodzi

Tiyerekeze kalaliki wa paesiteti ina yemwe wasunga madola 100 nkuwaika mu akaunti. Akuchita malonda pa EUR/USD. Kukula kwa malonda kumayezedwa m'maloti, ndipo kayendedwe ka mtengo kamayezedwa m'timagawo totchedwa mapipi. Pa loti ya 0.01, pipi imodzi ndi masenti khumi. Pa loti ya 0.10, pipi imodzi ndi dola yathunthu.

Poyamba walowa ndi 0.05. Mtengo wamutembenukira ndi mapipi 20, wataya madola 10, watsala ndi 90. Mpaka pano palibe chachilendo. Koma pasanathe mphindi zisanu walowanso ndi 0.10, poganiza kuti mapipi khumi okha akwanira kubweza zonse. Mtengo wapitanso kwina ndi mapipi 20, ndipo ulendo uno apita madola 20. Watsala ndi 70. Tsopano dzenje ndi la madola 30, choncho walowa ndi 0.20. Mapipi ena 20 amudyera madola 40. Pasanathe ola, watsala ndi madola 30.

Msika unayenda mofanana maulendo atatu onsewa, mapipi 20 ulendo uliwonse. Chomwe chinasintha ndi kukula kwa loti kokha. Ndipo kutuluka m'dzenje nkovuta kuposa kugweramo. Wotaya gawo limodzi mwa magawo khumi amafunika phindu la 11 peresenti kuti abwerere pomwe anali. Wotaya theka amafunika kuwirikiza kawiri zomwe zatsala. Kalaliki wathuyu, kuti achoke pa 30 nkufikanso pa 100, ayenera kuchulukitsa ndalama yake koposa katatu. Apa mpomwe ambiri amatsegula Airtel Money kapena Mpamba, amakongola ku banki m'khonde, ena mpaka kwa akatapila, ndipo vuto la pafoni limasanduka la banja lonse.

Malamulo olembedwa mutu uli wozizira

Kudziuza kuti ndidziletsa sikuthandiza, chifukwa mphamvu yodziletsayo ndi yomwe imafooka munthu akaluza. Katswiri wina, Peter Gollwitzer, anaonetsa kuti anthu amakwaniritsa bwino zolinga zawo akakonzeratu kuti chakutichakuti chikachitika adzachita chakutichakuti, kusiyana ndi kungokhala ndi cholinga chabwino. Lamulo lothandiza, tsono, liyenera kukhala ndi nambala, litchule chochita, ndipo lilembedwe msika usanatsegulidwe. "Ndisamale" si lamulo. "Ndikaluza kawiri, ndizimitsa foni mpaka mawa" ndi lamulo.

Lamulo loyamba ndi la kukula kwa loti. Ambiri odziwa ntchitoyi salola kuti malonda amodzi awadyere zoposa 1 kapena 2 peresenti ya akaunti. Pa madola 100, 2 peresenti ndi madola awiri, kutanthauza loti ya 0.01 ngati malire ali pa mapipi 20. Loti imawerengedwa kuchokera pa ndalama yomwe yatsala, choncho munthu akaluza iyenera kuchepa kapena kukhala chimodzimodzi. Isakwere.

Lachiwiri ndi la malire a malonda aliwonse. Pa MetaTrader pali malo olembedwa Stop Loss, pomwe munthu amaika mtengo woti makina atsekerepo okha malonda. Aikidwe polowa pomwepo, ndipo asasunthidwe kupita kutali mtengo ukayandikira. Kusuntha malirewa ndi kuthamangitsa zoluza komweko, kungoti kumachitika malonda asanatsekedwe.

Lachitatu ndi malire a tsiku. Ukaluza kawiri motsatizana, kapena ukataya 4 peresenti, tsiku latha. Kalaliki uja akanatsatira lamuloli pamodzi ndi loyamba lija, akanagona ali ndi madola 96, ndipo phindu la 4 peresenti ndi pang'ono likanamubwezeretsa.

Lachinayi ndi lopuma. Ukaluza ngakhale kamodzi, pakhale theka la ola usanalowenso, foni ili kutali, ndipo ulembe m'kope nthawi, loti, chifukwa cholowera ndi mmene unkamvera mumtima. Monga pamalo opimira tiyi sadalira zomwe wothyola akukumbukira koma zomwe zalembedwa, kopeli ndi lomwe limanena zoona. Mukaona mmenemo kuti loti ikukula pambuyo pa kuluza, kuti mipata ya pakati pa malonda ikufupika, kapena kuti malo a chifukwa cholowera ali opanda kanthu, dziwani kuti mwayamba kuthamangitsa.

Lachisanu ndi la kuthira ndalama. Osathira ndalama mu akaunti tsiku lomwe waluza, ndipo osathira ya ngongole, ya fizi kapena ya feteleza. Sankhani tsiku limodzi pamwezi ndi kuchuluka kwake, ndipo akazi anu, amuna anu kapena m'bale wodalirika adziwe nambalayo ndi kuona kope lija sabata iliyonse. Lamulo lodziwa mwini yekha limasweka mosavuta. Nchifukwa chake mabanki amaika anthu ena apadera oyang'anira malire a ochita malonda, chinthu chomwe chinasowa kwa Leeson, yemwe ankachita malonda nkumayang'aniranso mabuku ake.

Pomwe malamulo amathera

Malamulowa amachedwetsa kutha kwa ndalama, koma sapanga phindu. Mu 2018, bungwe loyang'anira misika ku Ulaya la ESMA linanena kuti pa maakaunti 100 aliwonse a anthu wamba ochita malonda a mtundu umenewu, pakati pa 74 ndi 89 amaluza. Ngati njira yanu yosankhira malonda ilibe mphamvu, malamulo angokupatsani nthawi yokwanira kuti muzindikire zimenezo musanagulitse njinga. Ngakhale Stop Loss imene sitseka nthawi zonse pa mtengo womwe munaika, makamaka mtengo ukalumpha chifukwa cha nkhani yaikulu.

Palinso anthu omwe amalemba malamulo nkumawaswa mobwerezabwereza. Apa nkhani yafika kuchipatala. Buku la madokotala a matenda a maganizo la DSM-5, lomwe linatuluka mu 2013, limaika kubwerera kukabweza zoluza pakati pa zizindikiro zisanu ndi zinayi za matenda a juga. Zina ndi kunama pa ndalama zomwe zapita, kulephera kusiya ngakhale wayesa kangapo, kukwiyakwiya ukayesa kuchepetsa, ndi kudalira ena kuti akuwombole pa ngongole. Zizindikiro zinayi m'chaka chimodzi nzokwanira kuti dokotala anene kuti pali vuto. Khalidwe lomweli limaonekanso pa kubetcha mpira ndi timasewera ta pafoni.

Munthu wotere sakufunika lamulo lachisanu ndi chimodzi. Atseke akaunti, apereke ulamuliro wa ndalama za malipiro kwa wachibale kwa kanthawi, ndipo akaonane ndi achipatala oona za maganizo, kuyambira pachipatala cha boma cha Thyolo, komwe angathe kumutumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre kapena ku Zomba Mental Hospital. Ngati ngongole zafika pomuganizitsa zodzipha, asadikire tsiku lamalipiro. Auze munthu wapafupi ndi kupita kuchipatala tsiku lomwelo.