Poto wa nyemba: makala, magetsi kapena gasi?

M'makomo ambiri a ku Ndirande kapena ku Area 25 mumapezeka mbaula, hotipuleti ndi kasilinda ka gasi, zonse m'nyumba imodzi. Tiyi amawiritsa pa gasi, nsima amaphika pa magetsi akakhala kuti ayaka, koma likafika tsiku la nyemba, mwana amatumidwa kukagula jumbo ya makala. Mukafunsa chifukwa chake, yankho ndi lakuti nyemba zimatha mayunitsi. Mawuwa akhazikika kwambiri moti palibe amene amawakayika, komabe mukatenga sikelo ndi kuyang'ana pa mita, nkhani imatembenuka.

Titenge theka la kilogalamu ya nyemba zouma, kaya ndi kholophethe kaya napilira, zosanyika, m'poto wa madzi pafupifupi malita atatu. Kuti madziwo afike powira pamafunika mphamvu yochepa modabwitsa, yongopitirira pang'ono kota ya yuniti imodzi ya magetsi. Ndalama zambiri zimapita pa maola awiri kapena atatu otsatirawo, pamene poto akungobwata. Madzi akawira satenthanso kuposa pamenepo ngakhale mutasonkhezera chotani. Ku Lilongwe ndi ku Blantyre, komwe kuli pamtunda wa mamita pafupifupi 1,000, amawira pa madigiri 96 kapena 97, ndipo amaima pomwepo. Moto wowonjezera umangosandutsa madzi kukhala nthunzi, ndipo nthunzi ndi yodula: kuphwetsa lita imodzi kumadya mphamvu yoposa theka la yuniti, kuwirikiza kawiri ija inawiritsa poto yense. Choncho kapu iliyonse ya madzi imene mukuthira chifukwa nyemba zaphwera ikukuuzani kuti ndalama zina zatuluka ndi nthunzi.

Pa magetsi kuwerengera n'kosavuta. Hotipuleti ya mawati 1,500 imadya yuniti imodzi ndi theka pa ola ikatsegulidwa mpaka kumapeto. Mphindi 20 zoyamba zowiritsira zitenga theka la yuniti. Mukachepetsa kuti poto azingobwata pang'onopang'ono ali wovundikira, maola awiri ndi theka otsalawo atenga yuniti imodzi ndi theka. Pamodzi ndi mayunitsi awiri. Koma pali mahotipuleti ena a waya wopiringiza, ofa kotembenuzira, amene amangodziwa kuyaka kapena kuzima basi. Amenewo pa maola atatu amameza mayunitsi oposa anayi, ndipo ndikukhulupirira kuti mbiri yoipa ya nyemba pa magetsi inachokera kwa iwowa. Poto wopindika kunsi, wozolowera pa mafuwa, nayenso amawononga, chifukwa amakhudza chitsulo chotenthacho pakatikati pokha.

Gasi ali ndi mphamvu zambiri: kilogalamu imodzi imafanana ndi mayunitsi pafupifupi 13 a magetsi. Vuto ndi lakuti pafupifupi theka la kutenthako kumadutsa m'mbali mwa poto n'kupita. Poto wathu uja amafuna pafupifupi kota ya kilogalamu, kutanthauza kuti silinda ya makilogalamu 6 ingaphike mapoto 24 mutati muziphikira nyemba zokhazokha. Ubwino wa gasi ndi wakuti amamvera dzanja, mukachepetsa amachepa nthawi yomweyo. Moto wake uzikhala wabuluu ndipo usamatulukire kunja kwa poto. Ukayamba kuoneka wachikasu n'kumadetsa poto ndi mwaye, ndiye kuti timabowo ta mbaulayo tatsekeka ndipo gasi wina akupita osapsa bwino.

Makala ndiwo amanyenga. Kilogalamu imodzi ya makala abwino ili ndi mphamvu ya mayunitsi pafupifupi 8, koma pa mbaula yachitsulo chokhachokha, imene imalowa m'poto ndi gawo limodzi mwa magawo asanu. Yotsalayo imawotcha chitsulo, mphepo ndi miyendo ya wophika. Mumalipira makala amene akuyaka pamene mukukupiza poto asanakhalepo, mumalipiranso amene akunyeka nyemba zitaphulidwa kale. Moto wa makala suchepetseka msanga, ndiye poto amabwata mwamphamvu ngakhale pamene sakufunika kutero. Zonsezi zikaphatikizidwa, poto wathu amatha pafupifupi kilogalamu imodzi. Mbaula yokhala ndi dothi lowotcha m'kati ndi kachitseko kochepetsera mpweya imatsitsako ndithu chiwerengerochi.

Ndiye poto mmodzi yemweyo: mayunitsi awiri, kota ya kilogalamu ya gasi, kapena kilogalamu ya makala. Mitengo imasinthasintha, ya magetsi ndi ya gasi imalengezedwa ndi bungwe la MERA pomwe ya makala imakwera nyengo ya mvula, choncho tiike manambala ongoyerekeza kuti njira yake ioneke. Tinene kuti yuniti ndi K150, gasi ndi K4,000 pa kilogalamu, makala ndi K700 pa kilogalamu. Magetsi atenga K300, makala K700, gasi K1,000. Ikanipo mitengo ya kwanu lero, koma muyeso wake ndi uwu: makala amaposa magetsi kutchipa pokhapokha kilogalamu yake ikakhala yosafika mtengo wa mayunitsi awiri, ndipo gasi amafanana ndi magetsi ngati kilogalamu yake ikugulidwa pa mtengo wa mayunitsi asanu ndi atatu. Wogula thumba lalikulu m'mbali mwa msewu wa ku Mwanza akhoza kuyandikira muyeso umenewu. Wogula timajumbo m'tauni amautalikira kwambiri, kungoti sadziwa, pakuti palibe wogulitsa makala amene amatchula kilogalamu. Ndiponso kunsi kwa jumbo nthawi zambiri kumakhala fumbi ndi zinyenyeswa zimene zimangogwera m'phulusa.

Kuyesa nokha sikufuna zida zachilendo. Zimitsani firiji ndi zina zonse, lembani nambala ya pa mita ya ESCOM musanayambe ndiponso mutaphula. Jumbo ya makala ipimitseni pa sikelo ya wogulitsa chimanga. Silinda ipachikeni pa sikelo yamanja musanaphike ndiponso mutamaliza, ngakhale kuti apa ndi bwino kuphika kangapo kenako n'kugawa, chifukwa magalamu 250 saoneka bwino pa sikelo yaikulu.

Amayi amene amasankha mbaula sikuti sadziwa masamu. Magetsi akazima nyemba zili pakati pa kupsa, muyenera kuyatsabe makala, ndipo mwalipira kawiri. Makala amagulidwa ndi ndalama ya tsikulo, pomwe kudzaza silinda kumafuna ndalama yambiri nthawi imodzi. Pa nyumba zalendi za mita imodzi, eni nyumba ambiri amaletseratu hotipuleti. Ndiponso anthu ambiri m'dziko muno alibe n'komwe magetsi m'nyumba.

Chimene chimatsitsa ndalama pa zophikira zonse zitatu ndi kufupikitsa maola a kubwata aja. Nyemba zonyikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga, ndipo zatsopano zimafewa mofulumira kuposa zogonera chaka, zimene zimatha kukanika ngakhale mutazipatsa maola anayi. Chivundikiro chokwana bwino chimabweza nthunzi m'poto. Kuposa zonsezi ndi poto wamagetsi wotsekera nthunzi m'kati, amene ambiri amamutcha pulesha kuka. M'menemo madzi amatentha kupitirira madigiri 110, nthunzi siithawa, ndipo chotenthetsera chimangoyaka mwa apo ndi apo. Theka la kilogalamu ya nyemba limapsa pa ola limodzi kapena kuchepera, ndi mphamvu yosapitirira theka la yuniti. Pa mitengo yathu yongoyerekeza ija ndi K75, poyerekeza ndi K700 ya makala, ndipo banja lophika nyemba kawiri pa sabata lingapulumutse K5,000 pa mwezi pa ndiwo imeneyi yokha.