Chilolezo cha Ulendo wa Maphunziro: Pepala Loyenera Kusainidwa Galimoto Isanalize

Anthu anayi a ku ofesi ya zachuma pa bungwe lina ku Lilongwe aitanidwa ku maphunziro a masiku asanu ku Mpemba, kunja pang'ono kwa mzinda wa Blantyre. Kalata yowaitana yafika, bwana wavomera pakamwa. Koma kwa akauntanti ulendowu kulibe mpaka fomu yopempha chilolezo italembedwa ndi kusainidwa. Fomuyo imafunsa zinthu zitatu: mukukatani, zidya ndalama zingati, ndipo wavomereza ndani.

Pa funso loyamba ambiri amalemba mawu awiri okha, "kukachita maphunziro", n'kudabwa pepala litabwerera. Wovomereza amafuna dzina la maphunzirowo, amene akuphunzitsa, masiku ake, mayina ndi maudindo a opitawo, komanso vuto la pa ntchito limene akufuna kuthetsa. Mukalemba kuti malipoti a ndalama akhala akuchedwa chifukwa anayiwa sanaphunzire pulogalamu yatsopano ya pakompyuta, bwana ali ndi pogwira. Kalata yoitanira ndi ndondomeko ya maphunziro zimatidwe kumbuyo.

Pamene pamavuta kwenikweni ndi pa masamu. Mitengo imasiyana malo ndi malo, choncho tingoyerekeza kuti bungweli limapereka alawansi ya K80,000 pa usiku umodzi. Maphunziro ayamba Lolemba m'mawa ndipo atha Lachisanu madzulo. Ulendo wa makilomita opitirira 300 sungayambe Lolemba lomwelo, ndipo mabungwe ambiri salola galimoto zawo kuyenda usiku. Ndiye kuti anyamuka Lamulungu, abwerera Loweruka. Masiku a maphunziro ndi asanu, koma akagona kunja kasanu ndi kamodzi, ndipo alawansi imawerengedwa pa kugonako. Anthu anayi, mausiku 6, ndi K1,920,000.

Kenako pali munthu amene amaiwalika kawirikawiri, dalaivala. Ngati akawadikira komweko pa mtengo womwewo, onjezani K480,000. Mafuta nawo sachita kuponya: kupita, kubwera ndi kuyendayenda mumzinda tiike makilomita 700, ndipo galimoto yoyenda makilomita 10 pa lita idzamwa malita 70. Lita tikaiyesa K3,500, ndi K245,000, koma pa fomu yeniyeni mulembe mtengo umene MERA yalengeza pa nthawiyo. Mumsewu wa M1 muli zipata zolipiritsa pa Kalinyeke ku Dedza ndi pa Chingeni, ndipo chilichonse mudzachidutsa kawiri. Fizi ikakhala K350,000 pa munthu, ndi K1,400,000. Zonse pamodzi, osawerengera zipata, zafika K4,045,000.

Musanatumize, werengani invoisi ya sukuluyo mofatsa. Ngati fiziyo ikuphatikiza malo ogona ndi chakudya, kupemphanso alawansi yonse ndi kulipiritsa bungwe kawiri pa bedi limodzi. Ofufuza mabuku a ndalama amayambira pomwepa, chifukwa n'posavuta kugwira: amangoika invoisi pambali pa pepala limene anthu anasainira polandira ndalama. Malamulo a malo ambiri amati zikatere munthu alandire kandalama kochepa ka zofunika zing'onozing'ono basi.

Ma siginecha ali ndi mndandanda wake, ndipo aliyense amayankha funso lakelake. Woyang'anira wanu amatsimikiza kuti maphunzirowo akugwirizana ndi ntchito, ndiponso kuti ofesi sitsekedwa anayi akachoka. A ofesi yoona za ogwira ntchito amaona ngati zili mu pulani ya maphunziro ya chaka chino, komanso ngati si anthu omwewo amene amangopita chaka ndi chaka. Akauntanti amaona ngati ndalama zilipo pa mzere wa bajeti umene walembedwa. Womaliza ndi mkulu wa bungwe; m'boma ndi mkulu amene malamulo a zachuma amamupatsa udindo woyankha pa ndalama, monga mlembi wamkulu wa unduna kapena bwanamkubwa wa khonsolo. Ena amakonda kuthamangira kwa mkuluyo poyamba kuti otsalawo aope kukana. Kutero ndi kupha ntchito ya fomuyo, pakuti akauntanti wachichepere sangatsutse pepala limene bwana wamkulu wasaina kale, ngakhale akuona kuti ndalama kulibe. Ndipo palibe amene amavomereza ulendo wake womwe: ngati woyang'anirayo ali m'gulu la opita, fomu ikwere kwa wapamwamba pake.

Yang'aniraninso deti. Siginecha ya Lachitatu pa ulendo woyamba Lamulungu lapitalo imaonetsa kuti anthu anapita opanda chilolezo, ndipo ngozi itachitika panjira, mkangano wa chipukuta misozi ungayambire pamenepo.

Pobwerako, malisiti a mafuta ndi a zipata, setifiketi ndi lipoti lalifupi ziperekedwe m'masiku amene malamulo a bungwe anena. Mmodzi akadwala n'kubwerera Lachinayi, ndiye kuti wagona kunja kanayi kokha, ndipo K160,000 ya mausiku awiri otsalawo aibweze ku ofesi ya zachuma, apatsidwe lisiti.