Ndalama Zagwidwa pa Etsy: Yambani Kuona Dzina

Mlongo wanga amagulitsa zikwama zachitenje pa Etsy ali ku Britain. Atagulitsa zokwana mapaundi 640, ndalama sizinafike kubanki. Anandiimbira foni mawu akunjenjemera: "Achimwene, kodi andibera?"

Sanamubere. Msika wapaintaneti umagwira ndalama pamene ukukayikira kuti mwina udzabwezera ogula kuchokera m'thumba mwake. Wogulitsa watsopano, malonda okwera mwadzidzidzi, madandaulo a ogula, katundu wotumizidwa popanda nambala yomulondolera: zonsezi zimadzutsa chikayiko.

Koma chimene ndimaona chikugwetsa anthu ambiri ndi dzina. Pasipoti ya mlongo wangayo ili ndi dzina la kwa bambo athu, pomwe akaunti yakubanki ili m'dzina la kubanja. Kwa makina, amenewo ndi anthu awiri. Anatumiza chithunzi cha pasipoti, ngodya zonse zinayi zikuoneka, popanda kunyezimira kwa nyale. Anaonjezera sitetimenti yakubanki yaposachedwa yoonetsa dzina, adiresi ndi nambala ya akaunti, komanso satifiketi ya ukwati yolumikiza maina awiriwo. A Etsy atavomereza zikalatazo, ndalama zinatuluka.

Pali kugwira kwina kumene Etsy imalemba kuti "Payment account reserve". Apa pasipoti sithandiza. Amasunga gawo la ndalama za oda iliyonse kwa kanthawi, ndipo chimene chimazimasula msanga ndi nambala yolondolera katundu yoonetsa kuti phukusi lanyamuka. Ndimalangiza kusunga lisiti lililonse la kupositi. Ndipo musatsegule shopu yachiwiri pofuna kuzemba, chifukwa akhoza kutseka zonse ziwiri.